Tembenuzani Mpando Musanalipire

Masiku ano mipando yambiri ya kaunjika ikugulidwa wogulayo asanaikhudze n'komwe. M'bale wanu amene ali ku Leicester kapena ku Manchester waona mipando ya patebulo lodyera m'sitolo yogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, waijambula ndi foni, nkutumiza pa WhatsApp ndi funso lakuti, "Nditenge kodi, ndiponye m'kontena?" Wogulitsa walembapo dzina la kampani yotchuka, mtengo nawonso waukweza chifukwa cha dzinalo. Inu kuno muli ndi chithunzi chimodzi chokha, chojambulidwa kutsogolo, mpando utaima bwinobwino pakapeti.

Chithunzi chotere chimakuuzani kapangidwe ka mpandowo, kuti ndi wa mtundu wanji ndiponso kuti mwina ndi wa zaka ziti. Koma sichingakuuzeni amene anaupanga. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi, ndipo ndalama zimatayikira pamenepo. Kuti zimveke bwino, tiyeni titenge mpando umodzi weniweni umene umapezeka kwambiri pamisika ya kaunjika ku Britain, mpando wa kampani ya Ercol wotchedwa Quaker, tiulondole kuyambira pachithunzi mpaka pamtengo.

Mpando wa Quaker uli m'gulu la mipando yotchedwa Windsor, imene amisiri a ku Mangalande akhala akupanga kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Kuuzindikira sikuvuta mukangodziwa poyang'ana. Pa mipando yambiri imene akalipentala athu amakhoma, mwendo wakumbuyo umapitirira mpaka kumtunda nkukhala mbali ya chotsamira. Mpando wa Windsor suli choncho. Pokhalira pake ndi thabwa lochindikala limene ndilo phata la mpando wonse. Miyendo imalowa m'thabwalo kuchokera pansi, timitengo ta chotsamira timalowa kuchokera pamwamba, ndipo miyendo ndi chotsamira sizikumana. Pa Quaker, chotsamira ndi mtengo umodzi wautali wopindidwa ngati uta, wokwera ndithu m'mwamba, mkati mwake muli timitengo toonda toimirira. Miyendo yake ndi yotangadza pang'ono, yoonda kumunsi.

Mukaona zimenezi pachithunzi, munganene molimba mtima kuti mpandowo ndi wa mtundu wa Windsor, ndipo kuonda ndi kusalala kwa miyendo yake kukusonyeza kuti ndi wa m'zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mulekere pomwepo. Tauni ya High Wycombe, kumene Lucian Ercolani anayambitsa kampani yake mu 1920, inali yodzaza ndi mafakitale a mipando chifukwa cha nkhalango za mitengo ya bichi zimene zili m'mapiri a Chiltern pafupi nayo. Ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mipando ya timitengo toonda inkapangidwanso ku Sweden, ku Denmark ndi ku Czechoslovakia. Mtundu wa mpando ukayamba kuyenda malonda, aliyense amaupanga. N'chifukwa chake pamalonda a pa intaneti mudzaona mawu akuti "Ercol style". Wogulitsa akalemba choncho ndiye kuti akuvomera yekha kuti mpandowo ukungofanana ndi wa Ercol, ndipo sayenera kuutchaja mtengo wa dzinalo.

Mtengo umene anapangira

Chithunzi chachiwiri chimene muyenera kupempha ndi cha pokhalira, chojambulidwa pafupi, panja kapena pawindo masana. Babu la m'nyumba limachititsa thabwa lililonse kuoneka lachikasu, ndipo foni nayo imawonjezera zake, choncho mtundu wa thabwa pachithunzi si wodalirika. Chodalirika ndi mizere ya thabwalo.

Mipando yakale ya Ercol inkapangidwa ndi mitengo iwiri. Pokhalira ankagwiritsa ntchito elimu, pomwe miyendo, timitengo ndi uta ankapangira bichi. Sanachite zimenezi pofuna kukongoletsa chabe. Mitsempha ya elimu ndi yopiringizana, choncho thabwa lake likhoza kubooledwa mabowo ambiri pafupipafupi, nkukhomeramo miyendo ndi timitengo, osang'aluka. Bichi naye akamuika mu nthunzi yotentha amafewa nkupindika osathyoka, ndiye wabwino popangira uta. Pachithunzi, elimu amaoneka ndi mizere yoonekera patali, yokhotakhota, pena yozungulira, ndipo pokhalira pa mpando umodzi sipafanana ndi pa unzake. Bichi ndi wosalala, wopanda mizere yambiri, koma mukakulitsa chithunzi mumaona timadontho tating'ono tataliko tobalalika ponseponse. Mpando umene pokhalira pake ndi posalala chimodzimodzi ndi miyendo, kapena umene m'mphepete mwake mukuoneka mizere yosanjikizana ya pulayiwudi, ungakhale mpando wabwino ndithu, koma ndi wa wina.

Pali chinanso pankhani ya elimu. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, matenda a mitengo anapha elimu wochuluka zedi ku Britain, ndipo patapita nthawi kampaniyi inayamba kugwiritsanso ntchito mitengo ina. Choncho thabwa la pokhalira limathandizanso kusiyanitsa mpando wakale ndi watsopano wa kampani yomweyo.

Pachithunzi chomwecho, yang'anani pamwamba pa pokhalira, pamalo pamene miyendo yalowera. Muyenera kuona timabwalo tinayi, mitu ya miyendo imene yaboola thabwa mpaka kutulukira pamwamba, ndipo pakati pa kabwalo kalikonse pali kamzere. Kamzereko ndi kachikhomo kopyapyala kamene anakhomera m'mutu wa mwendo kuti utambasuke nkugwira bowo mwamphamvu, monga momwe timachitira ndi mpini wa hamala. Mipando yotsika mtengo yofanana nayo nthawi zambiri miyendo yake imalekera m'kati mwa thabwa, kapena imamangidwa ndi sikuluu kunsi. Kulumikiza kotereku si kwa Ercol yekha, amisiri ena ankachitanso, koma pa Quaker wakale mukakusowa muyambe kukayika.

Kunsi kwa mpando

Tsopano pemphani kuti autembenuze. Wogulitsa wachilungamo sakana, ndipo chithunzi cha kunsi chimanena zambiri kuposa zina zonse pamodzi, chifukwa kunsi palibe amene amapakongoletsa.

Choyamba ndi kachizindikiro ka kampani. Pa mipando ya Ercol ya m'zaka za m'ma 1950 kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1970 pankamatidwa kachizindikiro kakang'ono kabuluu kokhala ndi chithunzi cha mkango. Pambuyo pake panabwera zizindikiro za mtundu wa golide. Ogula amakonda kabuluu chifukwa kamaloza zaka zimene mipandoyi inatchuka kwambiri. Koma apa m'pofunika kudekha mbali zonse ziwiri. Kachizindikiro ndi kapepala komata, ndipo pa zaka makumi asanu akupukuta ndi kukwekweza kamatha kuchoka. Mpando wopanda kachizindikiro ukhoza kukhala weniweni, ndipo pena pamatsala kamalo kooneka kosiyana ndi pena ponse pamene kanali. Kumbali inayi, zizindikiro zongosindikiza zatsopano zimagulitsidwa, ndipo munthu akhoza kumata pa mpando uliwonse. Mukaona kachizindikiro konyezimira, kopanda ndi kukanda komwe, pa mpando woperepeseka, funsani kuti zatheka bwanji. Ine ndimakhulupirira thabwa ndi malumikizidwe poyamba, kapepala pambuyo.

Chachiwiri ndi chidindo chokhomedwa m'thabwa. Kunsi kwa mipando yambiri yakale ya Ercol kuli zilembo ndi manambala, ndipo pakati pake pamaoneka 1960. Ogulitsa ambiri amalengeza mokondwa kuti mpandowo unapangidwa m'chaka cha 1960. Ayi. Imeneyo ndi nambala ya muyezo wa mipando ya m'nyumba wa bungwe loona za miyezo ku Britain, ndipo inkadindidwa kwa zaka zambiri. Chidindocho ndi umboni wabwino wa kumene mpando unachokera, koma si chaka, ndipo musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha chaka chimene sichinalembedwe.

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu, ndi zimene manja a anthu ena anachitapo. Kunsi n'kumene mumaona msomali wokhomedwa m'mwendo umene unkagwedera, kachitsulo kopindika komangidwa ndi sikuluu, guluu wouma wotuphuka polumikizira, kapena timabowo ting'onoting'ono ta tizilombo tofumbwitsa matabwa. Timabowo timeneti timakhala ta milimita imodzi kapena iwiri, ndipo bichi amagwidwa nato kawirikawiri. Mabowo akuda m'kati mwina ndi akale, tizilombo tinatuluka kalekale. Mabowo oyera, okhala ndi kaufa pafupi, akusonyeza kuti ntchito ikadali m'kati. Mpando wotero musauike m'kontena limodzi ndi katundu wina wamatabwa.

Nanga mtengo wake?

Tinene kuti zithunzi zonse zagwirizana: pokhalira ndi pa elimu, mitu ya miyendo ikuoneka, kachizindikiro kabuluu kalipo pa mipando ina, chidindo chilipo. Mwapeza amene anapanga. Koma dzina silitchula mtengo. Ercol sanali mmisiri wokhala pansi pa mtengo kusema mpando umodziumodzi. Mu 1944 boma la Britain linapatsa kampaniyi ntchito yopanga mipando ya Windsor yotsika mtengo yokwana 100,000, ndipo nkhondo itatha fakitale inapitiriza kutulutsa mipando yochuluka kwambiri ya mabanja wamba. Mipandoyi si yosowa. Chimene chimasiyanitsa mtengo wa seti imodzi ndi inzake ndi zinthu zooneka zazing'ono.

Mtundu wa utoto ndi chimodzi. Kampaniyi inkagulitsa mipando ina yoyera mwachilengedwe, ina yopakidwa utoto woderako kwambiri. Thabwa la m'kati ndi lomwelo, luso ndi lomwelo, koma ogula a masiku ano ku Britain amafuna yoyera, ndipo yakuda imatsika mtengo. Chifukwa cha ichi, amalonda ena amagula yakuda motchipa, nkuchotsa utoto, nkuipala ndi sandipepa kuti iyere. Ntchitoyo ikachitika bwino palibe cholakwa, bola anene. Mungaizindikire pokulitsa chithunzi pamalo pamene timitengo talowera m'pokhalira: pamatsala timizere takuda pamene sandipepa sanafike, ndipo mizere ya elimu imaoneka yakuda mopitirira chifukwa utoto unalowerera. Mpando wopakidwa penti, woyera kapena wotuwa, umatsika kuposa pamenepo, chifukwa penti amabisa thabwa limene wogula akufuna, ndipo amabisanso ming'alu.

Kuwonongeka nako kuli mitundu, ndipo apa ndi pamene wodziwa amapindulira. Mwendo wogwedera umaopsa wogula wamba, koma ndi vuto laling'ono: kalipentala amauzula, kuchotsa guluu wakale, kuikamo watsopano ndi kupana, basi. Vanishi wofwifwa kapena zipsera za makapu ndi zotheka kukonza. Chimene sichikonzeka bwino ndi mng'alu pa uta, makamaka pamwamba pamene wapindikira kwambiri, chifukwa uta ndi mtengo umodzi wokhala wokokeka nthawi zonse, ndipo kupeza wina ndiye kuti mwaphwasula mpando unzake. Mng'alu wodutsa pokhalira, kuchokera pabowo la mwendo, nawonso ndi waukulu. Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi mwendo umene wina anaukhomera msomali. Vuto limene likanatha ndi guluu wa ndalama zochepa lasanduka thabwa long'aluka, ndipo bichi akang'aluka pamutu sagwiranso ngati kale. Funsaninso kutalika kuchokera pansi kufika pokhalira. Mpando wa patebulo lodyera umakhala wa masentimita pafupifupi 43 mpaka 46. Ukapezeka wofupika kwambiri, mwina wina anadula miyendo pofuna kuletsa kugwedera, ndipo pachithunzi simungaone.

Kenako chiwerengero. Anthu amagula mipando yodyera kuti izungulire tebulo, choncho seti ya 6 yofanana imafunidwa kuposa mipando 6 yotoleratolera, ndipo seti ya 5 imavuta kugulitsa. Pemphani chithunzi cha mipando yonse itandandalikidwa pamzere umodzi, chojambulidwa chapatali. Pamenepo m'pamene mumaona kuti umodzi ndi wofupikirapo, kapena woderapo, kapena kuti uta wake wapindika mosiyana.

Tiyerekeze, mwa chitsanzo chabe, kuti wogulitsa akufuna mapaundi 450 pa mipando 6. Musayerekeze ndi mitengo imene ena alemba pa katundu amene sanagulidwe, chifukwa munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse nkukhala nawo chaka chathunthu. Pa eBay pali posankha polembedwa "Sold items", pamene pamaoneka zokhazo zimene zinagulidwadi ndi ndalama zimene zinaperekedwa. Tinene kuti pamenepo mwapeza kuti maseti a 6 oyera, abwinobwino, anapita pakati pa mapaundi 350 ndi 420. Ndiye kuti ngakhale mipando yanu ikanakhala yopanda banga, 450 wakwera. Tsopano chithunzi cha pamzere chaonetsa kuti umodzi ndi wosiyana mtundu, ndipo chithunzi cha pafupi chaonetsa mng'alu pa uta wa wina. Amene muli nawo si seti ya 6, ndi seti ya 4 yabwino ndi mipando iwiri yapadera, umodzi wake wolumala. Muyerekeze ndi mitengo ya maseti a 4, muwonjezepo pang'ono chifukwa cha iwiriyo, muchotse ya kalipentala. Mukagula ku okushoni, kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo umene mwapambanira pamabwera ndalama ya eni okushoni, imene nthawi zambiri imapitirira 20 pa 100 iliyonse. Ndipo mtengo wa m'sitolo ya munthu wokonza ndi kugulitsa mipando yakale umakhala wokwera kuposa umene iye angakupatseni mutamugulitsa, chifukwa m'menemo muli lendi, ntchito ndi phindu lake.

Makabati ndi masofa

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa katundu wina, kungoti poyang'ana pamasintha. Makabati ataliatali a m'chipinda chodyera a G Plan, dzina limene kampani ya E. Gomme ya ku High Wycombe komweko inayambitsa mu 1953, amagulitsidwa kawirikawiri ngati a ku Denmark kapena ngati a thabwa lenileni la tiki. Ambiri mwa iwo ndi a viniya, kutanthauza kachikopa kopyapyala ka tiki komatidwa pa bolodi. Pemphani chithunzi cha m'mphepete mwa thabwa lapamwamba. Pa thabwa lenileni mizere imatsika kuchokera pamwamba nkupitirira m'mbali, ndipo kumapeto kumaoneka mutu wa thabwa. Pa viniya mizere imadukira pakona. Viniya si chinyengo, mafakitale abwino kwambiri ankamugwiritsa ntchito, koma akatupa ndi madzi kapena wina akamupala mpaka kuboola, kukonza kwake n'kovuta. Chizindikiro cha kampani chifuneni m'kati mwa dirowa kapena kuseri kwa chitseko.

Kwa amene muli ku Britain, pa masofa ndi mipando ya makhushoni pali lamulo la 1988 lokhudza moto. Wamalonda saloledwa kugulitsa sofa wakale amene sakukwaniritsa lamuloli, kupatula wopangidwa chisanafike chaka cha 1950, ndipo masitolo a mabungwe achifundo amakana kulandira sofa amene kansalu kake kotsimikizira zimenezi kanadulidwa. Kansalu kameneko musamakadule, ngakhale kakulendewera monyansa.

Ukalamba pawokha sukweza mtengo. Makabati akuluakulu oderapo a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, a zaka zoposa 120, atsika mtengo kwambiri ku Britain chifukwa nyumba za masiku ano n'zazing'ono ndipo achinyamata sakuwafuna, pomwe katebulo kopepuka ka m'ma 1960 kakulimbiranidwa.

Msika umene mpando waima

Mitengo yonse tatchulayi ndi ya msika wa ku Britain, kumene anthu anakulira pa mipando ya Ercol m'nyumba za agogo awo ndipo dzinalo limawakumbutsa kwawo. Mpando womwewo ukatsika m'kontena ku Lilongwe kapena ku Blantyre, dzinalo latsala kutsidya la nyanja. Wogula wa kuno amaugwira, kuunyamula, kuugwedeza, nkuuyerekeza ndi mpando wa mlombwa kapena wa mbawa umene kalipentala wa pamsewu angamukhomere. Mwa kuona kwanga, ambiri adzauona wopepuka ndi woonda miyendo nkuuyesa wosalimba, ngakhale kuti wanyamula anthu kwa zaka makumi asanu. Onjezanipo kuti m'kontena mumalipira malo, ndipo mipando ya uta wautali sisanjikizana bwino. Ikafika, kutentha kouma kwa Okutobala kumatha kumasula malumikizidwe a guluu wakale, chinyezi cha dzinja chimatupitsa bolodi ya makabati a viniya, ndipo chiswe sichisankha dzina la kampani.

Choncho musanayankhe m'bale wanu uja, dzifunseni chimene mukufunira mipandoyo. Ngati n'kuti mukhalirepo kunyumba kwanu, seti yakuda ya Ercol, yolimba, yopanda mng'alu pa uta, ndi malonda abwino zedi, chifukwa mukugula luso lomwelo pamtengo wotsika, ndipo utoto umene a ku Britain akuukana kuno suvuta munthu. Ngati n'kuti mudzagulitse mupeze phindu, seti yoyera ya kachizindikiro kabuluu muigulitse konko ku Britain, musaikweze sitima.